Padi ikulemera pa sikirini yatsopano: vuto lili pati?

"Ndili ndi kamalo koseweretsa magemu a mpira pa PS4. Mwezi wathawu ndagula pulazima ya mainchesi 55 kuti ilowe m'malo mwa kasikirini ka kompyuta komwe tinkagwiritsa ntchito. Chithunzi ndi chokongola, koma anyamata akudandaula kuti padi ikulemera, ukadina batani wosewera akuchedwa kumenya mpira. Ndasintha mapadi awiri, ndagulanso chingwe china cha HDMI, palibe chasintha. Kodi ndagula sikirini yakufa?"

Achimwene, sikirini yanuyo ndi yamoyo, ndipo musatayenso ndalama pa mapadi kapena zingwe. Anyamatawo sakunama ayi, zala zawo zikumva chinthu chenicheni. Chikuchitika n'chakuti sikiriniyo ikumayamba yasunga chithunzi chilichonse chochokera ku PS4, n'kuchikonzakonza kuti chioneke bwino, kenako n'kuchionetsa mochedwa. Mankhwala ake ali pa limoti yanu yomweyo, ndipo dzina lake pa menyu ndi Game Mode. Koma ndikufuna mumvetse chimene chikuchitika m'katimo, chifukwa ndaona anthu ambiri akuyatsa Game Mode, vuto n'kukhalapobe, iwo osadziwa poyang'ana.

Tiyambe ndi nthawi. Gemu ya mpira pa PS4, mpira ukamaseweredwa, imatulutsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi. Sekondi tikaigawa magawo 1,000, gawo lililonse timalitcha milisekondi, choncho chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7 chinzake chisanabwere. Mnyamata akadina batani, uthenga umachoka pa padi kupita ku PS4, ndipo ulendo umenewu ndi wa mamilisekondi ochepa chabe, kaya padiyo ili pa chingwe kaya ayi. Gemu imalandira uthengawo, kuwerengera zoti mwendo wa wosewera uyambe kusuntha, n'kujambula chithunzi chatsopano. Apa pamapita zithunzi zingapo, ndipo inu simungachitepo kanthu chifukwa ndi mmene gemuyo anaipangira. Chithunzicho chimadutsa m'chingwe cha HDMI mosataya nthawi. Chingwe chikakhala choipa mumaona timadontho tothwanima, kapena chithunzi chimazimazima, koma chingwe sichingasunge chithunzi n'kuchipereka mochedwa. N'chifukwa chake chatsopano chija sichinathandize.

Gawo lotsiriza la ulendowu ndi limene lasintha pa malo panupo. Kasikirini ka kompyuta kaja kanalibe nzeru zambiri. Kankalandira chithunzi n'kuchiponya pagalasi pafupifupi nthawi yomweyo. Pulazima yanuyi anaipangira kuonerapo mafilimu ndi mpira wa pa dishi, ndipo m'kati mwake muli kakompyuta kokongoletsa zithunzi. Masikirini ambiri a masiku ano akakhala pa Standard, Vivid kapena Cinema amachedwetsa chithunzi ndi mamilisekondi kuyambira cha m'ma 60 mpaka kupitirira 100. Sikirini yomweyo ikaikidwa pa Game Mode kuchedwako kumatsika kufika pakati pa 10 ndi 20, ndipo akaleko amafika cha m'ma 30 kapena 40.

Mwina mukuti mamilisekondi 100 n'chiyani, si kuphethira kwa diso chabe? Taganizani za wosewera amene akuthamanga liwiro la makilomita 30 pa ola. Pa sekondi imodzi amadutsa mamita oposa 8, ndiye kuti pa mamilisekondi 100 wasuntha masentimita oposa 80. Mnyamata wanu akuona pa sikirini kuti mdani ali apa, akudina kuti alande mpira, koma m'kati mwa PS4 mdaniyo wadutsa kale ndi sitepe yathunthu. Zotsatira zake ndi kugwetsa munthu kumbuyo, kadi yachikasu, ndi mkangano. Mukayang'anitsitsa mudzaona mnyamata akukanikiza batani mwamphamvu mpaka chala kuyera, kapena kulidina kawiri, chifukwa thupi lake likuganiza kuti kudina koyamba sikunamveke. Kumeneko ndiye kulemera kumene akunena. Ndipo mapadi akhoza kutha msanga pa sikirini yochedwa, chifukwa cha kukanikiza komweko.

Tsono n'chiyani chimene sikirini imachita nthawi yonseyi? Ntchito zake ndi zingapo, koma imodzi ndiyo imadya nthawi kuposa zinzake zonse, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Filimu imajambulidwa ndi zithunzi 24 pa sekondi. Zimenezi ndi zochepa, moti kamera ikamayenda chammbali chithunzi chimaoneka ngati chikudumphadumpha. Opanga masikirini anapeza njira yosalazira zimenezi. Sikirini imatenga chithunzi choyamba ndi chachiwiri, kuyerekeza pamene mpira unali ndi pamene wafika, n'kupeka chithunzi chapakati chimene kamera sinajambule n'komwe, mpira uli pakatikati. Tsono onani msampha wake. Kuti ipeke chapakati, iyenera kudikira kuti chachiwiri chifike kaye. Ndiye kuti choyamba chija, chimene chinali chokonzeka kale, chimakhala chili m'nkhokwe kudikira chinzake. Pa gemu ya zithunzi 60, kudikira kokhako ndi mamilisekondi 16.7, kuwerengera kwa zopekazo kusanayambe, ndipo masikirini ambiri amasunga zithunzi zingapo nthawi imodzi kuti kupekako kusalakwike. Zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zikakhala pamzere, mamilisekondi 100 aja akwana.

Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la ntchito imeneyi. Pa LG mudzawerenga TruMotion, pa Sony Motionflow, pa Samsung Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, ndipo pa masikirini ena ambiri amangolemba MEMC. Pambali pa iyi pali Noise Reduction, yochotsa tichenga ta m'chithunzi, imenenso imayerekeza chithunzi ndi zinzake zoyandikana nazo. Palinso Dynamic Contrast, imene imayamba yaona chithunzi chonse isanasankhe kuti iwalitse motani. Iliyonse imaonjezera kanthawi kake.

Poonera filimu simungadziwe kuti izi zikuchitika, chifukwa sikirini imachedwetsanso mawu kuti agwirizane ndi milomo, ndipo palibe chimene inu mukuchita choti muyerekezere nacho. Nkhani za madzulo zitachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndani angadandaule? Gemu yokha ndi imene imaulula, chifukwa chala chanu chimadziwa nthawi imene chinadina.

Game Mode imauza kakompyuta kaja kuti kasiye kusunga zithunzi. Kupeka zapakati kumazima, kuchotsa tichenga kumazima, ndipo chithunzi chimayamba kulembedwa pagalasi chikungofika kumene, mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kuchedwa sikufika pa ziro, chifukwa kulemba chithunzi chonse kuchokera pamwamba mpaka pansi kumatenga mamilisekondi 16.7 aja, ndipo pakati pa galasi pamafikidwa patatha pafupifupi 8. Choncho mukamva kuti sikirini ina imachedwa ndi mamilisekondi 10 pa zithunzi 60, dziwani kuti yatsala pang'ono kufika pamapeto pa zimene zingatheke.

Chinthu china chimene anthu amachinamizira ndi kukula kwa sikirini. Mainchesi 55 sachedwetsa kanthu. Ngakhalenso kukuza chithunzi cha PS4, chimene chimatuluka pa 1080p, kuti chidzaze galasi la 4K, pa masikirini a masiku ano ndi ntchito yopepuka imene simungaimve pa chala.

Tsopano tengani limoti. Yatsani PS4, lowani mu gemu, mpira uli pakati pa bwalo, ndipo muli pomwepo tsegulani menyu ya sikirini. Ndikunenetsa kuti muchite izi PS4 ikuoneka, chifukwa masikirini ambiri amasunga makonzedwe a khomo lililonse la HDMI payekhapayekha. Mukayatsa Game Mode mukuonera dishi pa HDMI 1, pamene PS4 ili pa HDMI 2, mwakonza khomo lolakwika. Pa masikirini ambiri mupita pa Picture, kenako Picture Mode, n'kusankha Game. Pa LG za kuyambira 2021 dzina lake ndi Game Optimizer. Pa Samsung zambiri Game Mode sipezeka pa Picture, anaiika kwina, pansi pa General kenako External Device Manager, ndipo pa zatsopanoko ili pansi pa Connection. Ngati mwaisowa, fufuzani kumeneko musanaganize kuti mulibe.

Pali dzina limodzi pa mndandanda wa Picture Mode limene limakola anthu oseweretsa magemu a mpira, ndilo Sports, pena amalemba Football kapena Stadium. Munthu amaganiza kuti poti gemu ndi ya mpira, apa ndiye pake. Ayi ndithu. Sports anaikonzera mpira woonera, ndipo nthawi zambiri ndi pamene kupeka zithunzi zapakati kumakhala kokwezedwa kwambiri. Ndinakafika pa malo ena ngati anuwa, masikirini atatu onse ali pa Sports, udzu wa m'bwalo uli biriwiri ngati mpiru wa kudimba, mwini wake akudandaula kuti mapadi a masiku ano ndi achinyengo. Titasintha sikirini imodzi yokha, mnyamata amene anali ndi padi anangopatsirana mpira kawiri n'kutembenuka kufunsa ngati tamusinthira padi. Inali yomweyo, ili m'manja mwake.

Musangokhulupirira mawu anga kapena a anyamatawo. Kuchedwaku mukhoza kukuyeza ndi foni. Mafoni ambiri ali ndi Slow motion pa kamera, ndipo ambiri mwa iwo amajambula zithunzi 240 pa sekondi, ena 120. Onani pa makonzedwe a kamera kuti yanu ndi iti. Pa 240, chithunzi chimodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 4.2, pa 120 ndi 8.3. Ikani padi patebulo patsogolo pa sikirini kuti kamera ione zonse ziwiri, batani ndi galasi. Musayesere m'kati mwa mpira, chifukwa wosewera amayamba wakoka mwendo asanamenye ndipo simudziwa poyambira kuwerenga. Yeserani pa menyu ya PS4 yeniyeniyo, pamene kudina kumanja kumasuntha kabokosi kosankhira. Wina agwire foni, inu gogodani batani mwachangu ndi nsonga ya chala, kasanu kapena kakhumi, mukupumira pakati.

Kenako onerani kanemayo chithunzi chimodzichimodzi. Yambani kuwerenga pamene batani lafika pansi, lekani pamene kabokosi kayamba kusuntha. Tinene kuti pa Standard mwawerenga zithunzi 40, ndipo foni yanu ndi ya 240. Kuwerengera kwake ndi uku:

```
40 x 1000 / 240 = 167
```

Ndiye kuti ulendo wonse, kuchokera pa chala mpaka pa diso, ndi mamilisekondi 167. Sinthani kupita pa Game Mode, bwerezani zomwezo. Tinene kuti tsopano mwapeza 17.

```
17 x 1000 / 240 = 71
```

Musadabwe kuti nambala yachiwiriyi sinafike pa 10 kapena 15. M'kati mwa 71 muli nthawi ya padi ndi ya PS4, zimene sizinasinthe. Chimene mukufuna ndi kusiyana kwa ziwirizo, mamilisekondi 96, ndipo amenewo ndi amene sikirini inkadya yokha. Kudina kulikonse kudzakupatsani nambala yosiyanako ndi zithunzi zitatu kapena zinayi, malinga ndi pamene kudinako kwagwera m'kati mwa mamilisekondi 16.7 aja, n'chifukwa chake ndati mubwereze kangapo n'kutenga yapakati. Ngati kasikirini kakale kaja mukadali nako, kayezeninso. Nambala yake ndiye muyezo wanu, chifukwa ndi imene zala za anyamatawo zinazolowera. Pulazima ikafika pafupi nayo, mwamaliza.

Nanga mukayatsa Game Mode koma nambala osatsika mokwanira? Pali malo angapo oyang'ana. Masikirini ena amalola kupeka zithunzi ngakhale m'kati mwa Game Mode. Pa Samsung dzina lake ndi Game Motion Plus, ndipo ikakhala yoyatsa imabweza gawo la kuchedwa kuja, choncho izimitseni. Chachiwiri ndi HDR, njira yoonetsera chithunzi chowala kwambiri ndi cha mitundu yochuluka. Gemu ikayamba kutulutsa chithunzi cha HDR, sikirini imasamukira ku mndandanda wina wa makonzedwe, ndipo kumeneko ikhoza kukhala idakali pa Standard kapena Vivid. Mudzaona kachizindikiro ka HDR pakona gemu ikamatseguka. Tsegulaninso menyu nthawi imeneyo n'kusankha Game kachiwiri. Chachitatu, ngati PS4 ikudutsira pa chokuzira mawu kapena kabokosi kogawira HDMI isanafike pa sikirini, ichotseni kaye muilumikize mwachindunji, muyezenso.

Palinso china chimene chimavutitsa amene anagula sikirini imene inali yoonetsera m'sitolo. Sikirini yotere imakhala pa Store Mode, pena amalemba Retail Mode kapena Store Demo, ndipo ikakhala pamenepo imabwerera yokha ku chithunzi chowala cha m'sitolo pakapita kanthawi, kapena ikazima n'kuyakanso. Mumakonza m'mawa, magetsi n'kuthima masana, pobwera madandaulo ayambiranso. Pitani pa General kapena System muisinthe ikhale pa Home Mode, ndipo zimene mwakonza zidzakhazikika.

Mwina mwamvapo kuti masikirini atsopano amalowa okha mu Game Mode. N'zoona. Njirayo imatchedwa ALLM, inabwera ndi HDMI 2.1 imene inalengezedwa mu 2017, ndipo makina a gemu ndi amene amatumiza chizindikiro ku sikirini kuti isinthe. Xbox Series X ndi Series S zimachita zimenezi, PS5 nayonso imachita. PS4 simatumiza chizindikiro chimenechi. Pali masikirini ena amene amaizindikira okha mwa njira yawo, koma inu musadalire Auto. Ikani Game Mode pa On ndi dzanja lanu.

Ndikuchenjezeretu za chimene mudzaone mukangosintha, chifukwa apa ndi pamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Chithunzi chidzaoneka ngati chazilala. Udzu sudzawala ngati kale, ndipo kamera ikamatsatira mpira wautali mudzaona kuti sikusalala ngati poyamba. Zina mwa izi mukhoza kuzibweza popanda kuonjezera kuchedwa. Kwezani Backlight, imene pa masikirini ena amailemba Brightness kapena OLED Light, kufikira chipinda chanu chitakwanira. Zimitsani Eco kapena Energy Saving, imene imachepetsa kuwala yokha. Color ndi Color Temperature sinthani mmene maso anu akufunira. Zimenezi zimangosintha mtundu ndi kuwala kwa kadontho kalikonse, sizifuna kudikira chithunzi chotsatira. Zoti musaziyatse ndi zonse zimene dzina lake lili ndi Motion, Smooth, Clarity kapena Noise. Kuchedwa kuja ndiye kunali mtengo wa kusalala, ndipo pa malo amene anthu amalipira kuti apikisane, ine ndingasankhe padi yomvera nthawi iliyonse. Madzulo mukafuna kuonetsa mpira wa pa dishi, khomo lake la HDMI ndi lina, lisiyeni pa Standard kapena Sports, silikhudzana ndi la PS4.

Zikhoza kuchitika kuti sikirini yanu ilibiretu Game Mode, makamaka ngati ndi ya mayina osadziwika bwino aja. Musataye mtima msanga. Zimitsani ndi dzanja chilichonse chokongoletsa chimene mungachipeze pa Picture, kuyambira MEMC ndi Noise Reduction. Kenako onani ngati pali Picture Mode yotchedwa PC, kapena ngati sikirini imalola kusintha dzina la khomo la HDMI kuti likhale PC. Masikirini ambiri akauzidwa kuti cholumikizidwacho ndi kompyuta amasiya okha zokongoletsa zambiri. Yezaninso ndi foni. Ngati nambala yakana kutsika, ndiye kuti sikiriniyo ndi mmene anaipangira, ndipo palibe chingwe kapena padi imene ingaichiritse. Ikatero ipatseni ntchito yoonetsa mpira ndi mafilimu, magemu abwerere pa sikirini ya kompyuta. Pogula ina, lembani nambala ya mtundu wake pa foni pamodzi ndi mawu akuti `input lag`, amene ndi dzina la Chingerezi la kuchedwa kumeneku, muone zimene oyeza anapeza, ndipo musasokonezedwe ndi nambala ya pa katoni yolembedwa Response Time. Imeneyo imanena za liwiro limene kadontho ka pagalasi kamasinthira mtundu, ndipo ikakhala yoipa mumaona mpira ukukoka kamchira kumbuyo. Sikuuzani kuti chithunzi chinasungidwa nthawi yaitali bwanji chisanafike pagalasipo.

Pali matenda ena awiri amene anyamata amawatchulanso kuti kulemera, ndipo Game Mode siwachiza. Ngati kuchedwa kumabwera pokhapokha akamasewera ndi anthu a kutali pa intaneti, koma awiri akakhala pa benchi limodzi zonse zili bwino, vuto ndi netiweki. Ngati gemu imayamba bwino koma pakapita nthawi chithunzi chikumadukaduka, fani ya PS4 ikulira kwambiri, kapena makinawo akulemba chenjezo la kutentha n'kuzima, yang'anani fumbi m'mabowo a mpweya ndipo muichotse m'kabati yotsekeka. Kuchedwa kwa sikirini kuli ndi khalidwe lake losiyana ndi awiriwa. Kumakhala kofanana nthawi zonse, m'mawa ndi madzulo, pa intaneti ndi popanda intaneti, ndipo mumakumva ngakhale pa menyu ya PS4 musanatsegule gemu iliyonse. Mmene mwafotokozera, kuti zinayamba tsiku limene pulazima inafika ndipo mapadi onse akuchita chimodzimodzi, ndi kumeneku.

Mukakonza, apatseni anyamatawo masewero awiri kapena atatu asanaweruze. Mwezi wonsewu zala zawo zaphunzira kudina msanga kuti zilipire kuchedwa kuja, ndiye poyamba adzakhala akuwombera mpira nthawi isanakwane ndi kulanda mdani asanafike. Pofika gemu yachitatu zala zimakhala zabwerera m'malo mwake.